Mukaitanidwa ku intavyu, nenani chimene chiyenera kusintha

Uthenga woitanira munthu ku intavyu umakhala waufupi. Umatchula tsiku, nthawi ndi malo, kenako n'kuwonjezera kuti mubwere ndi masatifiketi anu enieni. Sutchula kuti chipindacho chili pansanja yachitatu m'nyumba yopanda chikepe. Sutchulanso kuti musanaonane ndi ofunsa mafunso mudzayamba mwalemba mayeso a ola lathunthu, papepala la zilembo zing'onozing'ono lochita kufotokopedwa kangapo. Kwa anthu ambiri izi zilibe kanthu. Koma kwa munthu waulumali, ntchito imatha kutayika pomwepo, funso ngakhale limodzi lisanafunsidwe.

Ambiri akalandira uthenga wotere amasankha kukhala chete, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ntchito ndi zosowa, ofunsira ndi ambiri, ndipo munthu amaopa kuti akangotchula za ulumali wake dzina lake lichotsedwa mwakachetechete. Mantha amenewa si opanda maziko, chifukwa tsankho lilipodi. Komabe kukhala chete nakonso kuli ndi mtengo wake. Munthu amapita kukapikisana ndi anzake pa mayeso amene sakuyesa luso lake koma maso ake, makutu ake kapena miyendo yake, ndipo akalephera palibe amene amadziwa chimene chamulepheretsa. Ofunsa aja amangolemba kuti sanakhoze.

Kupempha kuti zinthu zina zisinthidwe si kupempha chifundo, ndipo malamulo ali kumbali ya wopemphayo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Lamulo la za ntchito la mu 2000, pa gawo 5, limaletsa tsankho lomweli polemba anthu ntchito, powaphunzitsa, powakweza paudindo ndi powachotsa. Mu 2009 Malawi idavomereza pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo panganoli limanena mosabisa kuti kukana kusintha zinthu moyenera ndi mtundu umodzi wa tsankho. Mu 2012 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la anthu aulumali. Mu 2024 lamulolo lidalowedwa m'malo ndi latsopano, lomwe lidakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Nkhaniyi si ya anthu ochepa: kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu khumi alionse azaka zisanu kapena kuposerapo ali ndi ulumali wina wake.

Lamulo limatsegula khomo, koma silikuuzani choti mukanene mukalowa. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Wina amalemba kuti, "Ndine waulumali, chonde mundiganizire." Wolandira kalatayo, ngakhale atakhala wamtima wabwino, sadziwa choti achite nayo. Amayamba kuganiza zinthu zikuluzikulu, zogumula makoma ndi zogula makina a mamiliyoni, ndipo mantha akewo amamuchititsa kuika kalatayo pambali. Pempho limene limayankhidwa ndi limene latchula ntchito yake yeniyeni, chopinga chake, ndi chinthu chimodzi chimene chingachotse chopingacho.

Tiyerekeze mayi wina wachialubino, ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama, ndipo waitanidwa ku intavyu ya ukalaliki wa maakaunti pa kampani ina yogulitsa zipangizo zaulimi ku Lilongwe. Khungu lake aliyense amaliona, koma vuto la maso ake ambiri salidziwa. Anthu achialubino ambiri amabadwa ndi maso amene saona bwino tinthu ting'onoting'ono, amene amanjenjemera okha, komanso amene amathobwa ndi kuwala kwambiri. Magalasi amathandizako koma sathetsa vutoli, chifukwa kachigawo ka kuseri kwa diso kamene kamaona zinthu mwatsatanetsatane sikanakhwime mokwanira. Ndiye abwana akaona munthu wavala magalasi amangoti nkhani yatha, pomwe sinathe. Mayiyu amawerenga bwinobwino, amadziwa kuyanjanitsa mabuku a ndalama ndi sitetimenti ya kubanki, koma kuti aone manambala amayandikitsa pepala pafupi ndi mphuno, kapena amakulitsa zilembo pakompyuta.

Choyamba chimene ayenera kuchita, tsiku lomwelo walandira uthenga, ndi kufunsa mmene intavyuyo idzayendere. Kodi pali mayeso olemba? Ndi apapepala kapena apakompyuta? Ndi a mphindi zingati? Ili ndi funso limene wofunsira ntchito aliyense akhoza kufunsa, ndipo silichititsa manyazi. Tinene kuti amuyankha kuti pali mayeso a mphindi 60, theka papepala ndi theka mu Excel. Tsopano ali ndi choti apemphe. Makalata a kuntchito ambiri kuno amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake zikhale ngati izi:

"Zikomo pondiitana ku intavyu Lachinayi likudzali, ndipo ndidzabwera. Ndili ndi vuto la maso lobwera chifukwa cha chialubino, choncho ndikupempha zinthu zitatu pa mayeso olemba. Pepala la mafunso lisindikizidwe ndi zilembo za saizi 18, kapena likulitsidwe pa makina a fotokope kuchoka pa A4 kufika pa A3. Mundilole kukulitsa zilembo pakompyuta ndi pulogalamu imene ili kale mu Windows. Mundiwonjezere mphindi 15, chifukwa zilembo zikakula ndimaona kachigawo kochepa ka tsamba pa nthawi imodzi. Sindikupempha kuti mafunso asinthidwe. Ngati pali chovuta pa zimenezi, ndiimbireni tikambirane tsikulo lisanafike."

Kalatayi ndi yaifupi dala. Siifotokoza mbiri ya matenda, siipepesa, ndipo siiopseza ndi malamulo. Ine ndimaona kuti kutchula malamulo m'kalata yoyamba kumaumitsa mitima pachabe. Asungeni, adzagwira ntchito zinthu zikadzavuta. Chiganizo chofunika kwambiri ndi chija chakuti mafunso asasinthidwe, chifukwa chimachotsa nkhawa yaikulu ya olemba ntchito, yoti mwina akupemphedwa kufewetsa mayeso.

Mphindi 15 zija sizongotchula. Munthu akakulitsa sikirini kufika pa 200%, chilichonse chimakula kawiri m'litali ndi kawiri m'lifupi, ndiye chimene chikuoneka pa nthawi imodzi chimakhala gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a tsambalo. Mnzake akuona mizere yonse ya tebulo ndi diso limodzi, iye akuyenera kuyendetsa tsambalo uku ndi uku kuti apeze nambala imene ili kumapeto kwa mzere, kenako n'kubwereranso kuti aone kuti ndi ya kasitomala uti. Nzeru zake sizikuchedwa. Chikuchedwa ndi kuyendayendako. Wopempha akafotokoza chifukwa chotere m'chiganizo chimodzi, nthawi yowonjezerayo imasiya kuoneka ngati kukondera.

Kukulitsa sikiriniko sikufuna ndalama iliyonse, ndipo ndi bwino kuti wopemphayo adziwe mabatani ake pamtima, kuti asadalire wina tsikulo:

```
Windows + Plus     (Magnifier)
Ctrl + Alt + I
Windows + Esc
```

Oyambawo amatsegula pulogalamu yokulitsira ndi kuwonjezera kukula, achiwiriwo amatembenuza mitundu kuti zilembo zikhale zoyera pa tsamba lakuda, zimene zimachepetsa kuthobwa, ndipo achitatuwo amaitseka. Kwa munthu wosaona n'komwe pali pulogalamu yaulere yotchedwa NVDA imene imawerenga mokweza zimene zili pasikirini. Iyoyo siibwera ndi kompyuta, ndipo m'maofesi ambiri makompyuta amakhala otsekedwa kuti wina aliyense asaikemo pulogalamu, choncho woifuna anene msanga kuti oona za makompyuta akonzeretu.

Chimene chimasokonekera kawirikawiri si kukanidwa ayi, koma kuiwalika. Wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito amayankha pafoni kuti, "Palibe vuto, mayi, tikonza," koma woyang'anira mayeso tsikulo ndi munthu wina amene sanauzidwe chilichonse. N'chifukwa chake pempho liyenera kupita mwa kalata, imelo kapena uthenga wolemba wa pafoni. Ngati mwagwirizana pakamwa, tumizani uthenga wotsimikiza zimene mwagwirizanazo, ndipo kutatsala tsiku limodzi imbaninso. Mukafika n'kupeza pepala wamba lakudikirani, nenani musanayambe kulemba, osati mutamaliza. Kukulitsa pepala pa fotokope ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koma mukalemba kaye n'kudandaula pambuyo, zimamveka ngati mukufuna pothawira.

M'chipinda cha mafunso mumatha kubuka funso lina, nthawi zina lofunsidwa mwamanyazi, nthawi zina mosaganizira. Mmodzi wa ofunsa akhoza kunena kuti, "Pepani mayi, koma ndi maso anuwo, ntchito ya manambala muitha?" Funsoli limapweteka, makamaka kwa munthu amene walimva moyo wake wonse. Koma kuseri kwake kuli funso lina limene wolemba ntchito ali ndi ufulu wofunsa aliyense: ntchito iyi muzidzaigwira bwanji? Yankhani limenelo. "Bwana, marisiti ndimawawerenga ndi galasi lokulitsira la m'manja limene ndimayenda nalo. Pakompyuta ndimakulitsa zilembo. Ndi mmene ndidalembera mayeso anga onse a dipuloma, ndipo ngati mungakonde ndikuonetseni pa kompyuta yanuyo." Kuonetsa kwa mphindi ziwiri kumachotsa kukayika kumene kulongosola kwa mphindi khumi sikungachotse. Ofunsawo akapitirira n'kuyamba kufunsa za chibadwa chanu, za ana anu kapena za matenda amene sakukhudza ntchitoyo, mukhoza kubweza nkhaniyo mwaulemu ku ntchito, ndipo mukatuluka mulembe zimene mwafunsidwa, tsiku lake ndi amene wafunsa.

Nanga ulumali utchulidwe liti? Palibe chokukakamizani kuulemba pa kalata yofunsira ntchito, pokhapokha mutafuna nokha, kapena ngati olemba ntchitowo alengeza kuti akulimbikitsa anthu aulumali kufunsira. Nthawi yabwino yopempha za intavyu ndi pamene mwaitanidwa, chifukwa apo mapepala anu akhala atayamba kale kukuyankhulirani. Za kagwiridwe ka ntchito ya tsiku ndi tsiku zikhoza kudikira mpaka mutalandira kalata yoti mwalembedwa. Kwa amene ulumali wawo suoneka, monga khunyu kapena matenda a maganizo, chisankhochi n'cholemera kwambiri, ndipo ndi chawo okha. Chimodzi chokha chiyenera kukumbukiridwa: bwana sangasinthe chimene sakuchidziwa, ndipo n'kovuta kudzamuimba mlandu pa chinthu chimene sanauzidwepo.

Tinene kuti mayi uja wapambana. Apa pakuyamba gawo lachiwiri, ndipo ndi limene limatenga nthawi. Anthu ambiri akangolembedwa amafuna kuonetsa kuti safuna chithandizo chilichonse. Amapirira mutu wopweteka madzulo alionse, amabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono pa ntchito, ndipo amadzayankhula pamene kalata yochenjeza yafika kale. Ngozi yake ndi yakuti miyezi yoyamba imakhala yoyeserera, ndipo pa nthawi imeneyo n'kosavuta kuti ntchito ithe. Choncho sabata yoyamba kapena yachiwiri, atadziwa bwino ofesiyo, mayiyu apemphe kukumana ndi amene akumuyang'anira, atalemberatu ntchito zake chimodzichimodzi ndi pamene akupunthwa.

Desiki yake ili moyang'anizana ndi zenera, ndipo kuyambira masana dzuwa limawomba pasikirini. Kusinthana malo ndi mnzake kapena kuika katani kumathetsa zimenezo. Laputopu imene wapatsidwa ndi ya sikirini yaing'ono, ya mainchesi 14, ndiye akakulitsa zilembo pamangooneka mizere iwiri itatu. Sikirini yapadera ya mainchesi 24 ndi chinthu chokhacho pamndandanda wake chimene chikufuna ndalama yooneka, ndipo ndi ya mtundu womwewo umene maofesi amagula masiku onse. Pamisonkhano malipoti amaonetsedwa pakhoma, iye sangawaone ali pampando, choncho awatumiziretu ku imelo yake. Ndiye pali kuwerenga katundu kumapeto kwa mwezi, kumene kumachitikira pabwalo pamene pamaunjikidwa matumba a feteleza. Khungu lachialubino lilibe chodzitetezera ku dzuwa, ndipo kupsa mobwerezabwereza ndi kumene kumabweretsa khansa ya pakhungu. Mayiyu asapemphe kuchotsedwa pa ntchito yowerenga katunduyo, chifukwa ndi mbali ya udindo wake. Apemphe kuti izichitika m'mawa dzuwa lisanakwere, komanso kuti aziloledwa kuvala chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali ngakhale yunifomu ya kampani ili ya manja aafupi.

Pa zonsezi bwana ali ndi ufulu wobwera ndi njira ina. Akhoza kunena kuti sikirini yatsopano idikire mwezi wa mawa koma pakadali pano atenge ya m'chipinda cha misonkhano. Ngati njira yakeyo ikuchotsa chopinga, ilandireni. Akhozanso kupempha kalata ya kuchipatala, ndipo zimenezo si zachilendo. Kalatayo inene zimene munthu amavutika kuchita ndi zimene zingathandize, osati mbiri yonse ya m'buku lake la kuchipatala. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kuikidwa m'fayilo yanu, pamodzi ndi tsiku lodzaunikanso, mwina pakatha miyezi itatu. Mabwana amasamutsidwa, ndipo wobwera kumene sadziwa zimene mudapangana ndi mnzake pakhonde.

Malire alipo, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanapite kukapempha. Wolemba ntchito sakakamizidwa kuchotsa ntchito imene ili phata la udindowo, kapena kunyamula mtolo umene sangauthe. Amene wafunsira udalaivala ayenera kukhala ndi layisensi ndi maso ololedwa pamsewu. Koma zotsatsa ntchito zambiri zimangolemba kuti wofunsira akhale ndi layisensi yoyendetsera galimoto kapena njinga yamoto, ngakhale ntchitoyo ili ya padesiki ndipo ulendo wa kubanki umachitika kamodzi pa sabata. Pamenepo m'pofunika kufunsa: kodi chofunika ndi kuyendetsa kapena kukafika? Ngati ndi kukafika, dalaivala wa kampani kapena ndalama ya thiransipoti zikhoza kukwanira.

Nkhani ya ndalama nayo imayezedwa molingana ndi kukula kwa wolemba ntchito. Chimene banki ingachite osamva kuwawa chikhoza kugwetsa kagolosale ka antchito atatu. Taganizirani za munthu woyenda pa njinga ya olumala amene ofesi yake ili ndi masitepe atatu pakhomo, okwera masentimita 45 onse pamodzi. Njira yotsetsereka yabwino imafuna masentimita 12 m'litali pa sentimita iliyonse yokwera, ndiye pamenepa pakufunika mamita 5.4. Kukhonde la sitolo ya m'tauni malo otero mwina palibe, ndipo kanjira kotsetsereka kwambiri kongomangira kuti anthu aone n'koopsa kuposa masitepe omwe, chifukwa njinga imatha kugudubuka chagada. Koma kusowa kwa malo sikutseka nkhani. Mwina kuli khomo lakumbuyo lopanda masitepe, mwina ntchitoyo ingagwiridwe ku nthambi ina. Yankho lakuti "sizingatheke" loperekedwa nthawi yomweyo, popanda kufunsa mtengo kapena kuyang'ana njira ina, ndi chizindikiro choti pempholo silinaganiziridwe n'komwe.

Pali vuto lina lobisika limene limandidetsa nkhawa kuposa kukanidwa, chifukwa limabwera ndi nkhope ya chikondi. Bwana amamva pempho, n'kunena kuti, "Musavutike, mayi, malipoti a mwezi tiwapatsa anzanuwa, inu muzingolandira mafoni." Zimamveka ngati chisamaliro, koma pakatha zaka ziwiri anzake aja akwezedwa chifukwa adaonetsa luso pa malipotiwo, iye akadali pa foni. Kusintha koyenera kumamuthandiza munthu kugwira ntchito imene adalembedwera, sikumulanda ntchitoyo. Mukaona maudindo anu akuchepa, simukuitanidwanso ku misonkhano ina, kapena maphunziro akupita kwa ena okhaokha, kambani msanga: "Bwana, ndikuthokoza pondiganizira, koma malipotiwo ndikufuna ndiziwalemba ndine. Chimene ndikusowa ndi sikirini ija basi."

Abale athu amene akugwira ntchito ku Britain ali ndi chitetezo cholembedwa mwatsatanetsatane. Ku England, Scotland ndi Wales lamulo la Equality Act la mu 2010 limapereka kwa wolemba ntchito udindo wosintha zinthu moyenera, ndipo mtengo wake suyenera kugwera wantchito. Limaletsanso kufunsa za thanzi la munthu asanapatsidwe ntchito, kupatula pa zifukwa zochepa, monga kufuna kudziwa ngati akufunika kusinthiridwa zina pa intavyu kapena ngati angathe kugwira mbali yofunikira ya ntchitoyo. Kulinso thumba la boma lotchedwa Access to Work limene limathandiza kulipira zinthu monga womasulira chinenero chamanja ndi zipangizo zapadera. Ku South Africa udindo wofananawo uli m'lamulo la Employment Equity Act la mu 1998.

Kuno kwathu, pempho likakanidwa kapena likangokhala osayankhidwa, yambani ndi kalata yachiwiri yofunsa chifukwa chake, ndipo mupemphe kuti yankho libwere lolembedwa. Apa tsopano ndi pamene malamulo aja angatchulidwe. Zikakanika, tsatirani ndondomeko ya madandaulo ya pakampanipo, ndipo ngati muli m'bungwe la apantchito mutenge nthumwi yake. Mabungwe a anthu aulumali, monga FEDOMA, APAM ya anthu achialubino, MANAD ya anthu osamva ndi Malawi Union of the Blind, amadziwa zipangizo ndi anthu othandiza monga omasulira, ndipo kalata yochokera kwa iwo nthawi zina imasuntha zimene kalata ya munthu mmodzi yalephera. Kunja kwa kampani kuli ofesi ya leba ya m'boma lanu, MACODA, ndi bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Mkangano umene walephereka ku leba umapita ku bwalo la milandu ya za ntchito, limene lili ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Amene wachotsedwa ntchito asazengereze, chifukwa lamulo la za ntchito limapereka miyezi itatu yokha yokadandaula kwa mkulu wa leba kuchokera tsiku lochotsedwa. Popita kumeneko atenge uthenga womuitanira ku intavyu, makalata ake onse opempha, mayankho amene adalandira, kalata ya kuchipatala, ndi pepala limene adalembapo masiku ndi mayina a amene adayankhula nawo.